Wodzilemba yekha ntchito: 10 peresenti ya bwana ichokera kuti?

Tiyerekeze mayi wa zaka 40 yemwe ali ndi kashopu kosokera zovala ku Ndirande. Kale ankagwira ntchito pafakitale ina ya zovala, ndipo pakutha pa mwezi ankalandira kapepala ka malipiro. Pakapepalapo panali mzere wolembedwa kuti penshoni, umene ankauyang'ana ndi diso lofiira chifukwa unkamudula ndalama. Ntchito itatha anagula makina akeake, ndipo lero palibenso womudula kanthu. Zonse zimene wapeza ndi zake. Koma tsiku limene maso adzakane kulowetsa ulusi m'singano, malipiro ake adzathera pomwepo, chifukwa kashopu kamalipira munthu amene wakhala pamakina basi.

Nkhani ya mayiyu ndi ya Amalawi ambiri: akalipentala, ogulitsa kaunjika, oyendetsa kabaza, owotcherera zitsulo, alimi a fodya ndi a tomato. Boma lili ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, koma imeneyo imasankha mabanja ovutikitsitsa, si malipiro a munthu aliyense wokalamba. Kuti timvetse chimene wodzilemba yekha ntchito angachite, tiyambe ndi kuona chimene chinkachitika pamzere uja wa pakapepala ka malipiro.

Masamu a pakapepala ka malipiro

Kuyambira mu 2011 lamulo la dziko lino limakakamiza olemba anzawo ntchito kuika antchito awo pa penshoni. Lamulo limenelo linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2023, koma masamu a kasonkhedwe sanasinthe. Wantchito amasonkha 5 peresenti ya malipiro ake, ndipo bwana amawonjezera 10 peresenti yochokera m'thumba mwake. Awa ndi malire apansi. Kampani ikhoza kupereka zoposa apa, koma osati zochepera. Maperesentiwa amawerengedwa pa malipiro enieni a ntchito, osati pa maalawansi onse amene munthu amalandira.

Tinene kuti mayi uja ankalandira K400,000 pamwezi. Iye ankadulidwa K20,000. Bwana ankaikapo K40,000. Ku akaunti yake ya penshoni kunkapita K60,000 mwezi ndi mwezi. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: diso limaona K20,000 yodulidwa ija, koma pa makwacha atatu alionse olowa mu akauntiyo, awiri ankachokera kwa bwana. Munthu akasiya ntchito n'kuyamba bizinesi yake, chimene wataya si kudulidwa kokha ayi. Wataya gawo lalikulu la zimene zinkamusungira ukalamba.

Pali chinanso chimene sichioneka pakapepala. Lamulo lomwelo limati bwana agulire wantchito inshuwalansi ya moyo yosachepera malipiro ake a chaka chimodzi. Kwa mayi wathuyu, akanamwalira ali pantchito, ana ake akanalandira K4,800,000 pamwamba pa zimene anasonkha. Tsiku limene anatuluka pageti la fakitale, chitetezo chimenechi chinatsalira komweko.

Ndalama zosonkhedwazo sizikhala kwa bwana. Iye amayenera kuzitumiza ku thumba la penshoni pasanathe masiku 14 mwezi utatha. Oyendetsa thumbalo amazibwereketsa ku boma, kugula masheya pamsika wa masheya ku Blantyre, kumanga kapena kugula nyumba za maofesi, ndipo phindu lake limagawidwa kwa mamembala. Palibe amene amalonjeza kuti mukadzapuma mudzalandira zakutizakuti. Chimene mudzapeze ndi zimene zinalowa, kuphatikiza phindu, kuchotsapo ndalama zolipira oyendetsa thumbalo. Zili ngati nkhokwe: mumatapamo zokhazo zimene munathiramo.

Yambani ndi kufufuza zimene munasiya

Amene anagwirapo ntchito yolembedwa kuyambira 2011 asathamangire kutsekula akaunti yatsopano asanafufuze yakale. Ndalama zimene zinasonkhedwa m'dzina lanu ndi zanu, gawo la bwana lomwe, ndipo zimapitiriza kubereka ngakhale munachoka. Pitani ndi chiphaso cha unzika ku kampani imene inkayendetsa penshoni ya kuntchito kwanu, mukapemphe sitetimenti. Ngati simukumbukira kampaniyo, ofesi yoona za antchito kumene munkagwirako imadziwa.

Sitetimentiyo muiwerenge mwezi ndi mwezi. Vuto lodziwika bwino m'dziko muno ndi la mabwana amene amadula antchito awo koma osatumiza ndalamazo, ndipo ngongole yotereyi inafika mabiliyoni ambiri. Chizindikiro chake n'chosavuta: pakapepala ka malipiro mwadulidwa, koma pasitetimenti mwezi umenewo palibe cholowa. Mukapeza mipata yotere, dandaulo limapita ku Reserve Bank of Malawi, chifukwa Gavanala wa bankiyi ndiye woyang'anira mabungwe onse a zachuma, a penshoni omwe. Mapepala akale a malipiro ndiwo umboni wanu, choncho asamayatsidwire mbaula.

Kenako pamabwera chiyeso. Lamulo la 2023 linachepetsa nthawi yodikira kuchoka pa miyezi isanu ndi umodzi kufika pa miyezi itatu: munthu amene ntchito yamuthera ndipo watha miyezi itatu asanalembedwe ina akhoza kupempha gawo limene anasonkha yekha pamodzi ndi phindu lake. Gawo la bwana limatsala mpaka adzafike msinkhu wopuma. Tinene kuti mayi uja wapeza K3,000,000 mu akaunti yake. Pafupifupi K1,000,000 ndi imene angatenge. Ngati akufuna kugulira makina amene azimudyetsa, pali nzeru ndithu. Koma ngati ndi yoti athandizire ukwati wa mphwake kapena agule mipando ya pabalaza, adziwe kuti akudya mbewu. Madzi akatayika saoleka, ndipo pa zaka 40 nthawi yoti abwezeretse ndi yochepa.

Inu ndinu bwana, inunso ndinu wantchito

Wodzilemba yekha ntchito lamulo silimukakamiza kusonkha. Koma lamulo la 2023 linatsekula khomo loti munthu asonkhe mwa kufuna kwake mu akaunti ya penshoni ya iye mwini, popanda bwana. Funso loyamba ndi lakuti asonkhe zingati. Yankho lili pakapepala kaja. Ngati wolembedwa ntchito amasungiridwa 15 peresenti, wodzilemba yekha akasonkha 5 peresenti yokha, poganiza kuti ndi mmene zinkakhalira kuntchito, ndiye kuti akusunga gawo limodzi mwa magawo atatu. Mipando yonse iwiri ndi yake tsopano, ndipo 15 peresenti yonse ichokera kwa iye.

Funso lachiwiri ndi lovutirapo: 15 peresenti ya chiyani? Osati ya ndalama zonse zolowa m'kabati. Mayi wathu mwezi wina walandira K1,100,000 kwa makasitomala. Pa ndalamayi K450,000 yapita ku nsalu, ulusi, mazipi ndi mabatani. K120,000 ku lendi ya shopu. K50,000 ku magetsi, chiphaso cha kumsika ndi kukonzetsa makina. K80,000 kwa mnyamata womuthandiza kusita ndi kupinda. Zonse pamodzi ndi K700,000. Chotsala, K400,000, ndiye malipiro ake enieni, ndipo 15 peresenti yake ndi K60,000. Akanawerengera pa K1,100,000 akanapeza K165,000, ndalama imene ikanadya mpamba, ndipo pakutha miyezi itatu akanasiya n'kunena kuti penshoni ndi ya anthu a m'maofesi. Kotero chida choyamba cha penshoni ya wodzilemba yekha si fomu ya kukampani. Ndi kope la sukulu lolembamo zolowa ndi zotuluka.

Bizinesi siyenda mofanana chaka chonse. Telala amapeza bwino sukulu zikamatsekulira chifukwa cha mayunifolomu, m'nyengo ya maukwati, ndiponso Khirisimasi ikayandikira. Januwale ndi Febuluwale anthu ali ndi fetereza ndi ufa m'mutu, osati madiresi. N'chifukwa chake peresenti imaposa ndalama yokhazikika. Mwezi umene phindu lafika K700,000, asonkhe K105,000. Mwezi umene latsika kufika K150,000, asonkhe K22,500 popanda kudziimba mlandu. Mlimi amene amagwira ndalama kamodzi pachaka achite chimodzimodzi tsiku limene walandira za kumsika, ndalamayo isanagone m'nyumba.

Kudikira kutha kwa mwezi n'koopsa kwa munthu amene ndalama zimabwera tsiku ndi tsiku, chifukwa pofika pa 30 zimakhala zitalowa m'ndiwo. Njira imene imagwira ndi yopatula Loweruka lililonse: phindu la sabata likakhala K100,000, K15,000 ichoke m'kabati, ipite ku akaunti ina ya kubanki kapena ya pafoni imene sagulira kanthu, ndipo pakutha pa mwezi itumizidwe ku thumba la penshoni.

Zidzakwana zingati?

Apa tiyenera kulankhulana moona. Mitengo ya zinthu m'dziko muno imathamanga. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2023 ndi 2024 mitengo inkakwera ndi zoposa 25 peresenti pachaka. Mitengo ikamakwera ndi 25 peresenti chaka chilichonse, pakatha zaka zitatu zinthu zimakhala zitakwera pafupifupi kawiri. K60,000 ya lero imadzagula za K30,000. Amene anauza banki kuti izitumiza K60,000 mwezi uliwonse n'kuiwala, pakatha zaka zitatu akusonkha theka la zimene anayamba nazo, iye osadziwa. Peresenti imamuteteza, chifukwa akakweza mtengo wosokera diresi, chosonkha chake chimakwera nawo.

Kukwera mitengo kumasokonezanso kawerengedwe ka phindu. Thumba likalengeza kuti chaka chino mamembala apindula 28 peresenti, pomwe mitengo yakwera ndi 25 peresenti, phindu lenileni ndi pang'ono chabe pamwamba pa 2 peresenti. Likalengeza 20 peresenti m'chaka chomwecho, nambala ya pasitetimenti yakula koma matumba a chimanga amene ingagule achepa. Choncho nambala ziwirizi muziziika pamodzi nthawi zonse.

Tiyeni tiwerengere mayi uja m'makwacha a lero, poyerekeza kuti thumba lake likuposa kukwera mitengo ndi 3 peresenti pachaka. Nambala imeneyi ndi yongoyerekezera, si lonjezo la kampani iliyonse. K60,000 pamwezi ndi K720,000 pachaka. Akayamba ali ndi zaka 40 n'kupuma ali ndi 60, adzakhala atasonkha K14,400,000, ndipo pamodzi ndi phindu zidzafika pafupifupi K19,300,000. Ikuoneka yambiri. Koma akaigawa pa zaka 15 za ukalamba, ndi K107,000 pamwezi, pang'ono chabe pamwamba pa kota ya zimene amapeza lero.

Mnzake amene anayamba ali ndi zaka 30 adzafika pafupifupi K34,300,000, kapena K190,000 pamwezi. Woyamba ali ndi zaka 50 adzapeza pafupifupi K8,250,000, kapena K46,000 pamwezi. Onse atatu akusonkha mofanana. Chasiyanitsa ndi zaka zokha. Apa titolapo zinthu ziwiri. Choyamba, amene wayamba mochedwa 15 peresenti siimukwanira, ayenera kukweza kufika 20 kapena 25 ngati bizinesi ikulola, kapena kukonzeka kugwira ntchito zaka zina zowonjezera. Chachiwiri, K3,000,000 ija ya kufakitale, ikasiyidwa osakhudzidwa zaka 20, ikhoza kufika pafupifupi K5,400,000 m'makwacha a lero, n'kuwonjezera K30,000 pamwezi pa ukalamba wake popanda iye kusoka ngakhale batani limodzi.

Bwanji osangosunga ku banki mkhonde?

Ambiri anganene kuti kusunga amasunga kale, ku banki mkhonde, ku chipereganyu kapena ku sako. Zimenezi n'zabwino ndipo zili ndi ntchito yake, koma ntchitoyo si ya penshoni. Banki mkhonde imagawana chaka chikamatha, ndipo ndalama imene yafika m'manja mu Disembala imapeza fizi, fetereza ndi malata zikuidikira pakhomo. Mphamvu ya penshoni ndi chinthu chomwecho chimene anthu amadana nacho: loko. Ndalama yotsekeredwa siingabwerekedwe ndi mlamu, siingathandize pamaliro a kumudzi, ndipo siingapite ku oda ya nsalu imene ikuoneka ngati mwayi wa chaka.

Koma loko yemweyo amapweteka munthu amene alibe pena pogwira. Mwana akagonekedwa m'chipatala, kapena mota ya makina ikapsa, penshoni siingakuthandizeni sabata imeneyo, ndipo mapeto ake ndi katapila. Choncho pali ndondomeko yoyenera kutsata. Ngati muli ndi ngongole ya katapila, ithetseni kaye, chifukwa chiwongoladzanja chake cha mwezi umodzi nthawi zambiri chimaposa zimene thumba lingakupatseni chaka chonse. Kenako sonkhanitsani ndalama yokwana kudya ndi kulipira lendi miyezi itatu pamalo oti mukhoza kuitapa msanga, ndipo apa ndi pamene sako ndi banki mkhonde zimathandiza. Pamene mukumanga chitetezo chimenechi, penshoni iyambe ndi kachepe, ngakhale 5 peresenti, kuti chizolowezi chimere. Chitetezo chikakwana, kwezani kufika 15.

Nanga nyumba za lendi, ng'ombe ndi munda? Popeza taona kuti penshoni yokha imabweza kota kapena theka la zimene munthu amapeza, zinthu zimenezi zimafunika ndithu. Kusiyana kwake n'kwakuti nyumba imafuna mwini wamphamvu wotolera lendi ndi kukonza denga, ng'ombe zimafuna wozilondera, ndipo simungagulitse chipinda chimodzi kuti mugule mankhwala a mwezi uno. Penshoni imabwera yokha ngakhale mwini ali chigonere.

Mafunso oti mupite nawo ku ofesi

Makampani oyendetsa penshoni odziwika m'dziko muno ndi monga Old Mutual, NICO Pension, NBM Pensions ndi Continental Pension Services. Musanapereke tambala kwa aliyense, tsimikizani kuti kampaniyo ili ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi, ndipo ndalama muzitumiza ku akaunti ya kampani, osati ku nambala ya foni ya munthu amene wabwera kudzakukopani kumsika. Aliyense wolonjeza kuti ndalama yanu idzachulukitsidwa kawiri pa miyezi yochepa sakugulitsa penshoni. Tengani chiphaso cha unzika, ndipo nenani momveka kuti mukufuna akaunti ya penshoni ya munthu payekha, chifukwa pamakauntala omwewo pamagulitsidwanso inshuwalansi ndi mapulani ena osungira ndalama amene malamulo ake ndi osiyana. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho funsani mpaka mumvetse.

Funsani choyamba chimene chimachitika mukadumpha mwezi. Kwa munthu wa bizinesi ili ndiye funso lalikulu. Pali mapulani ena a inshuwalansi amene amafa mukalephera kulipira miyezi ingapo, ndipo mukhoza kutaya gawo la zimene munaika. Inu mukufuna akaunti imene imalandira K105,000 mu Seputembala ndi K22,500 mu Febuluwale popanda chilango.

Funsani chachiwiri za ndalama zimene kampani imadula. Ena amadula pa chosonkha chilichonse, ena pa ndalama yonse imene ili mu akaunti chaka ndi chaka, ena ponse pawiri. Auzeni akuwerengereni m'makwacha: ndikaika K60,000, zolowa mu akaunti yanga ndi zingati? Ngati akudula 5 peresenti pakhomo, zolowa ndi K57,000. Pemphaninso kuona phindu limene thumbalo lagawa zaka zisanu zapitazi, muliyerekeze ndi kukwera mitengo kwa zaka zomwezo.

Funsani chachitatu za nthawi ndi njira yotengera. Pa penshoni ya kuntchito, msinkhu wopuma umakhala pakati pa zaka 50 ndi 70 malinga ndi malamulo a thumbalo. Lamulo la 2023 limalola wopuma kutenga theka la ndalama zake nthawi imodzi, pomwe kale inali 40 peresenti, ndipo theka linalo limabwera mwezi ndi mwezi, mwina kudzera ku kampani ya inshuwalansi imene imakulipirani moyo wanu wonse, kapena potapa pang'onopang'ono mu akaunti mpaka zitatha. Ndalama zosonkha mwa kufuna kwanu zimakhala ndi malamulo akeake a katengedwe, choncho akupatseni olembedwa. Funsaninso ngati n'kotheka kusamutsira ndalama za kuntchito kwakale mu akaunti yatsopanoyo, kuti muzilondola sitetimenti imodzi. Ndipo kumbukirani masamu aja: mayi wathu akadzatenga theka la K19,300,000 tsiku lopuma, za pamwezi zidzatsika kuchoka pa K107,000 kufika pafupifupi K54,000.

Musatuluke mu ofesimo musanadzaze fomu yotchula odzalandira ndalamazo mukamwalira. Lembani mayina ndi gawo la aliyense, ndipo muikonzenso mukakwatira, ukwati ukatha kapena mwana akabadwa. Fomu yakale kapena yosadzaza ndi imene imachedwetsa ndalama ndi kuyambanitsa abale pamene ana akudikira fizi. Popeza inshuwalansi ya moyo ija inatsalira kufakitale, funsaninso mtengo wa inshuwalansi yanuyanu, makamaka ngati ana akadali aang'ono, chifukwa zaka zoyambirira akaunti ya penshoni imakhala isanakule moti n'kulera banja.

Pali chinthu china chimene mayi wathu ayenera kuchiganizira bizinesi ikamakula. Mnyamata womuthandiza uja akadzakhala wantchito wokhazikika wa malipiro a pamwezi, mayiyu adzakhala atakhala pampando wa bwana weniweni pamaso pa lamulo. Ayenera kufunsa ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake kapena kukampani ya penshoni za udindo wake. Pa malipiro a K80,000, 10 peresenti ya bwana ndi K8,000 ndipo 5 peresenti ya mnyamatayo ndi K4,000. Pamenepo m'kope muja mudzakhala mizere iwiri ya penshoni: wina wa wantchito amene amasita, wina wa wantchito amene amasoka. Wachiwiriyu ndi amene amaiwalika kawirikawiri, chifukwa ndi yekhayo amene sangapite kukadandaula kulikonse bwana wake akapanda kumutumizira ndalama.